Malata Khumi ndi Anayi a Malemu

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zisanu ndi ziwiri m'sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Mzuzu, ndipo m'zaka zonsezo sindinaphonye nambala ngakhale imodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe munthu amene ndinali. Ndinkanyada nazo zedi. Munthu akabwera kudzatsutsa akaunti yake ndinkamuyalira mapepala patebulo, kenaka n'kupinda manja kudikira kuti atope yekha. Ndinachokera ku Zomba ndili mtsikana, ndinkachita lendi ku Salisbury Lines, ndipo anzanga apantchito ankandinena kuti ndili ndi kamwa lakuthwa. Sankanama.

Mwini sitoloyo anali bambo wachikulire wa Chisilamu wochokera ku Mangochi, wosalankhulalankhula. Tonse tinkangowatcha abwana. Kuseri, kosungira katundu, kunali bambo wina wa konkuno kumpoto amene ankalandira ndi kutulutsa katundu, ndipo ankanditcha adumbu, ndiko kuti mlongo m'Chitumbuka. Ine ndinkakhala m'kaofesi kagalasi pafupi ndi khomo, ndi kompyuta komanso foni ya sitolo.

Foni imeneyo inali ndi ntchito imodzi yokha. Mwezi ukatha ndinkatumizira uthenga aliyense amene anatenga katundu pangongole: nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ndalama, kenaka mawu akuti abwere ku ofesi msanga. Sitinkatumiza mafuno abwino a chaka chatsopano, ngakhale zikomo. Amisiri onse a m'tauni ankaidziwa nambalayo, ndipo ena anaisunga m'mafoni mwawo ndi maina amene sindingalembe pano. Uthenga ukachokera kwa ife, munthu ankadziwiratu nkhani yake asanautsegule.

Mwa makasitomala athu munali bambo wina wowotcherera zitsulo wa ku Mchengautuwa. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo ankamanga nyumba yake pang'onopang'ono. Chaka chimenecho anagula malata makumi anayi a buluu n'kulipira ndalama zonse pomwepo. Patapita mwezi ndi theka anabweranso m'mawa wina wa mu Juni, kukuwaza kamvula kozizira kaja kosatha ka ku Mzuzu, atanyamula malata khumi ndi anayi pagalimoto yahayala.

Ndinaona kuti waonda. Jekete linkamulendewera m'mapewa, ndipo atakwera masitepe awiri apakhomo anaima kaye kupuma. Ndinaziona ndithu, koma sindinafunse. Maganizo anga anali pa lamulo lathu lakuti katundu sabwezedwa pakadutsa mwezi, ndipo ndinamuuza choncho ndisanamupatse n'komwe mpando.

Abwana anatuluka, anamuyang'ana kanthawi, n'kunena kuti malatawo alandiridwe. Wosunga katundu uja anawawerenga limodzilimodzi, kuona ngati lina linakhomedwapo kapena kupindika, kenaka analemba pepala lolandirira katundu wobwezedwa. Onse awiri anasaina. Lata limodzi bamboyo anagula pa K18,000, msonkho uli momwemo, choncho khumi ndi anayiwo anakwana K252,000. Koma m'buku anali ndi kangongole ka K37,000 ka utoto ndi mawaya owotcherera.

"Chotsani kangongoleko," anatero. "Zotsalazo zisiyeni m'buku mwenemumo, mlongo."

"Simutenga katundu wina? Kapena tipemphe abwana akubwezereni ndalama?"

"Yayi. M'buku mwanumo sizisowa."

Katundu akabwezedwa sitifufuta invoisi yakale. Timalemba pepala lina lotchedwa kirediti noti, lotchula nambala ya invoisiyo, katundu amene wabwerera, mtengo wake ndi msonkho wake, ndipo ndalamazo zimalowa m'akaunti ya kasitomala ngati zake. Ngati anali ndi ngongole, imachepa. Ngati ndalamazo zaposa ngongole, zotsalazo ndi sitolo imene imakhala ikumusungira. Kwa bamboyu zinatsala K215,000.

Tsiku limenelo magetsi anali atazima, kompyuta ili chete. Ndinamuuza kuti pepala lake ndilemba magetsi akayaka, ndipo ndimutumizira uthenga. Anathokoza n'kupita. Mawa lake ndinalembadi kirediti notiyo, bwinobwino, popanda cholakwika chilichonse, n'kuika kope lake m'kabati yanga. Uthenga ndinati udikire kumapeto kwa mwezi, ndidzatumizire kumodzi ndi enawo.

Mwezi utatha ndinachita monga mwa masiku onse. Ndinatenga uthenga wa Chingerezi umene ndinkatumizira angongole, ndinasintha mzere umodzi kuti unene za kirediti noti, n'kukoperamo nambala monga imaonekera pakompyuta: kamzere kakang'ono kutsogolo, 215,000, ndi malembo awiri akuti CR kumapeto. Kwa munthu wa maakaunti zimenezi n'zomveka kale, zimatanthauza kuti ndalamazo ndi za kasitomala. Mawu omaliza aja, akuti bwerani ku ofesi msanga, ndinawasiya momwemo. Palibe anabwera. Patatha sabata ndinatumizanso. Sabata inayo ndinatumiza kachitatu, ndipo popeza ndinkafuna buku langa likhale loyera, ndinawonjezera pamwamba mawu amene ndinkalembera ouma mitu, akuti ichi n'chikumbutso chomaliza.

Sindinadziwe kuti ndikulembera munthu amene anali ataikidwa kale m'manda.

Ndinazimva Lachinayi lina masana, kwa kasitomala wina, nayenso wowotcherera. Anabwera kudzafunsa mtengo wa makina atsopano owotcherera, ndipo nditamuuza anaseka.

"Basi ndagula bwino," anatero. "Loweruka m'mawa nkhutenga makina a mnzanga anamwalira uja, pa hafu ya mtengo uwo. Koma inu anthu a pano mulibe chisoni, mwe. Munthu sanathe mwezi m'manda, mauthenga atatu!"

Ndinamufunsa kuti mnzake uti. Atamutchula, ndinazindikira kuti ndi bambo wa malata uja.

Anafotokoza mosavuta, ngati nkhani ya mpira. Bamboyo anamwalira kuchipatala patangotha sabata ziwiri chibwezereni malata. Pamaliro, monga zimakhalira, akubanja analengeza kuti amene malemu anali naye ngongole aonekere. Palibe anaonekera, ndipo mkazi wake anauza abale kuti mwamuna wake wapita wopanda ngongole ndi munthu. Kenaka foni ya malemu, imene inatsala ndi mayiyo, inalandira uthenga wathu. Mkulu wake wa malemu anauwerenga, anaona nambala ya sitolo yathu, anaona ndalama, anaona mawu oti bwerani msanga. Utafika wachitatu, banja linagwirizana zogulitsa makinawo kuti dzina la malemu lisapite kukhoti. Makina amenewo ndi amene ankadyetsa nyumba. Chimwalirireni mwini wake, amisiri ena ankawabwereka n'kumalipira patsiku, ndipo mayiyo ndi ana ake atatu ankadya pomwepo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti ngongole palibe, koma ndinadziletsa. Munthu amene akugula makina pa hafu ya mtengo si woyenera kumutuma uthenga woti malondawo athe. Komanso za m'akaunti ya munthu sitiuza aliyense wobwera pakauntala. Ndinamusiya apite.

Ndinaimba nambala ya malemu ndi foni ya sitolo. Sinayankhidwe. Ndinaimba ndi foni yanga, ndipo anayankha mayi wa mawu otsika. Nditangotchula dzina la sitolo anati, "Loweruka, mama, chonde, tikubweretsa Loweruka," n'kudula. Ndinaimbanso kanayi koma sanayankhenso.

Ndinapita kwa abwana ndi mapepala m'manja, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinayamba ndi kudziteteza. Ndinawaonetsa kuti nambala n'zolondola, kuti kamzere kalipo, kuti CR ilipo, kuti aliyense wodziwa kuwerenga akanamva. Iwo anavala magalasi, anawerenga mauthenga onse atatu pang'onopang'ono, n'kuika foniyo pansi.

"Mwanangu," anatero, "walembera ndani?"

"Kasitomala."

"Ayi. Wadzilembera wekha. Iwe wamva, ndiye wati aliyense wamva." Anandikankhira mapepala aja. "Ndalama za ana amasiye zili m'thumba mwanga mwezi wathunthu, ndipo amayi awo akugulitsa katundu kuti andilipire ine. Chimenechi ndikachiyankha ndekha pamaso pa Mulungu, iwe sudzakhalapo."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinati tipiteko ndi galimoto madzulo omwewo. Anakana. Galimoto yolembedwa dzina la sitolo ikaima pakhomo la namfedwa, mzere wonse wa nyumba udzati abwera kudzalanda katundu, ndipo mayiyo akhoza kuthawira kuseri tisanatsike. Komanso nyumbayo sitinkaidziwa, m'buku munali nambala ya foni yokha. Njira imene tinali nayo yotsimikizika inali yomwe ija ndinaiwononga. Mafoni sankayankha, koma mauthenga ankawerenga, ndipo ankawawerenga banja lonse lili pamodzi.

"Lemba wina," anatero abwana. "Usautumize ndisanaumve."

Lachisanu m'mawa ndinafika ndi uthenga wolemba kale papepala, m'Chichewa. Ndinauyamba pachiyambi penipeni, monga kalaliki wabwino: tsiku logula malata makumi anayi, nambala ya invoisi, malata obwezedwa, K252,000, ngongole ya K37,000, kuchotsera, zotsala. Ndinkauona ngati womveka kwambiri. Abwana anati ndikawerengere wosunga katundu uja, kamodzi kokha, n'kumufunsa kuti wangongole ndani.

Ndinamupeza akumanga mitolo ya mapaipi. Anamvetsera ataweramitsa mutu.

"Ndiye wangongole ndani?" ndinamufunsa.

"Mama yura, mkazi wa malemu," anatero. "Sate seveni sauzande."

Ndinapsa mtima. "Koma malatawo munalandira ndinu! Nkhaniyi mukuidziwa!"

"Nkhuimanya, adumbu. Koma mwati ndiyankhe zimene ndamva. Ine ndamva ngongole, ndamva nambala, mtima wachita phaa, zinazo sindinamve. Manambala ambirimbiri mu uthenga umodzi, munthu wamantha atola imene akuiopa."

Ndinabwerera m'kaofesi kanga nditafufuma. Koma ndinadziwa kuti wanena zoona. Mayi amene wakhala sabata zitatu akuyembekezera kulandidwa katundu sangadikire mpaka mzere wachisanu ndi chimodzi kuti amve kuti wapulumuka. Ndinang'amba pepalalo n'kuyambira kumapeto. Ndinalemba kuti: Muli ndi ndalama zokwana K215,000 ku sitolo kwathu, bwerani mudzatenge. Wafupi, woyera, nambala imodzi.

Wosunga katunduyo atamva anaseka mpaka kugwira pamimba, tsiku losayenera kuseka.

"Uwo ndiye wa akuba aja a pafoni! Mwawina ndalama, bwerani mudzatenge. Sabata yatha ndalandira awiri otero. Mkulu wa malemu akangowerenga adzati, mwina ndi akuba, mwina ndi msampha woti mukafika akakugwireni. Dzulo chikumbutso chomaliza, lero mwalemera? Ndani angakhulupirire?"

Apa ndi pamene kunyada kwanga kunathera. Ndinamupempha akhale pansi andithandize, ine amene zaka zonsezo ndinkamubwezera mapepala ake chifukwa cholemba mokhotakhota. Abwana nawo anakoka mpando. Tinakhala atatu m'kaofesi ka munthu mmodzi, makasitomala akudikira pakauntala.

Tinagwirizana kuti chiyambi chikhale chipepeso cha maliro, chifukwa palibe munthu wolemba kunyumba ya namfedwa n'kuyamba ndi ndalama. Wosunga katundu anati mawu oyamba akhale a Chitumbuka, mayiyo amve kuti akulankhula ndi anthu. Kenaka pabwere chinthu chimene akuchiopa, chikanidwe poyera, m'mzere wakewake. Abwana anaumirira kuti tilembe mosabisa kuti wangongole ndi sitolo. Ine ndinati mawu amenewo sakhala bwino pa dzina la bizinesi, tinene kuti pali ndalama zotsala. Iwo anati, "Zotsala kwa ndani? Lemba monga zilili."

Kuti akhulupirire kuti si akuba, tinaikamo zimene wakuba sangadziwe: mtundu wa malata, chiwerengero chake, ndi mwezi umene anabwezedwa. Mayiyo ayenera kuti anaona malatawo akukwezedwa pagalimoto pakhomo pake. Pa kangongole ka K37,000 tinakangana. Ine ndinkafuna katchulidwe, chifukwa popanda iko masamu sakukwana, ndipo mkulu wa malemu akachulukitsa malata ndi mtengo wake adzapeza kuti ndalama zaperewera n'kuyamba kutikayikira. Wosunga katundu ankafuna kachoke. Tinakumana pakati: katchulidwe kamodzi, popanda nambala, ndi mawu akuti kanalipidwa kale, ndipo masamu onse adzawaone papepala akabwera. Mawu akuti kirediti noti sitinawalembe n'komwe.

Chotsala chinali mauthenga atatu akale aja. Sakanangosowa okha. Ndinalemba kuti panali kusamvana. Abwana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Anasemphana ndani ndi ndani?"

Ndinafufuta. Ndinalemba kuti ndinalemba molakwika ndine. Mzere umenewo unali woona kuposa manambala onse amene ndinalembapo.

Uthengawo unatuluka chonchi, ndipo ndikuukumbukabe wonse:

"Monire mama. Phepani chomene ndi imfa ya abambo, ife tamva dzulo. Malemu alibe ngongole ku sitolo kuno. Inunso mulibe ngongole. Ndife a sitolo amene tili ndi ngongole kwa inu, ya K215,000. M'mwezi wa Juni malemu anabweza malata a buluu khumi ndi anayi. Kangongole kochepa kamene anali nako kanalipidwa kale pa ndalama za malatawo, ndipo K215,000 ndi zotsala, anatisungitsa. Chonde musagulitse kanthu kalikonse chifukwa cha ife. Musabweretse ndalama, musatumize ndalama kwa aliyense. Mauthenga atatu aja ndinalemba molakwika ndine, kalaliki wa sitolo, ndipo ndikupepesa. Tsiku limene mungathe, bwerani ndi wachibale mmodzi wa malemu, chiphaso chanu ndi kalata ya imfa, mudzaone mapepala. Mukhoza kutenga ndalama kapena katundu, monga mungafunire."

Ndinauwerengera amayi ena amene anabwera kudzagula loko, osatchula za eni ake, n'kuwafunsa kuti wangongole ndani. "Ndinu," anatero, akundiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Abwana anagwedeza mutu. Ndinautumiza nthawi ya pemphero la Lachisanu itayandikira, tikutseka zitseko kuti iwo apite ku mzikiti.

Yankho silinabwere. Madzulo onse ndinkayang'ana foni ija. Ndinafuna kutumizanso, koma wosunga katundu anandiletsa, anati kubwerezabwereza ndi kumene kunawaopsa poyamba. Ndinapita kunyumba ndili ndi mantha enieni. Ndinkaona makina aja akukwezedwa pangolo m'mawa, ndipo ndinkadziwa kuti akangopita sabwereranso, chifukwa K215,000 sikanagula ena.

Loweruka tinatsegula hafu pasiti seveni. Cha m'ma naini analowa anthu awiri: bambo wamtali wa imvi atavala jekete la kutchalitchi, ndi mayi wa chitenje chakuda ndi duku. Mayiyo anaima pafupi ndi khomo, ngati munthu wofuna njira yothawira ikhale pafupi. Bamboyo anafika pagalasi langa atagwira foni ya malemu.

"Ndine mkulu wake wa mwini foni iyi," anatero. "Walemba uthenga uwu ndani?"

"Ndine, bambo."

"Enawo?"

"Ndine ndemwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati uthenga womalizawo anauwerenga katatu dzulo, mokweza, banja lonse lili pakhonde. Ena ankati ndi msampha. Koma mlamu wake atamva za malata a buluu khumi ndi anayi anati n'zoona, anawaona akupita, ndipo mwamuna wake anangomuuza kuti zipinda zakuseri zidikire kaye. Wogula makina uja anali atafika kale ndi ngolo m'mawa umenewo. Anamuuza adikire mpaka iwo abwereko kutauni, ndipo pamene tinkalankhulapa n'kuti ali pakhomo pawo, ndalama zili m'thumba.

Abwana anawalowetsa mu ofesi yawo, anawapatsa mipando, n'kupepesa maliro mwaulemu wonse asanakhudze pepala lililonse. Kenaka anandiuza ndifotokoze. Ndinayala mapepala atatu okha: invoisi ya malata makumi anayi yodindidwa kuti zalipidwa, pepala lolandirira malata obwezedwa, ndi kirediti noti ija imene inagona m'kabati yanga mwezi wathunthu. Papepala loyera ndinalemba ndi dzanja 252,000, pansi pake 37,000, n'kuchotsera iwo akuona. Bamboyo anabwereza masamuwo pafoni yake, ndipo sindinakhumudwe nazo.

"Ndiye palibe chimene tikulipira?"

"Palibe, bambo. Olipira ndife."

Anapuma mwamphamvu, n'kutuluka panja. Tinamumva kudzera pazenera akuuza wogula uja kuti abwerere ndi ngolo yake, makina sakugulitsidwa. Anabwereza kawiri, kachiwiriko mokweza. Atalowanso anaoneka wokalamba kuposa mmene analowera poyamba. Sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti m'bale wake asatchedwe wakuba atamwalira. Anauza abwana kuti ndalamazo ndi za mlamu wake ndi ana, iye wangobwera ngati mboni, ndipo anasaina pamene anamuonetsa.

Kenaka tinatembenukira kwa mayiyo. Abwana atamufunsa ngati akufuna ndalama kapena katundu, anati aganize kaye, adzabwera Lolemba. Maso ake anali pa pepala lolandirira katundu lija, pamene panali siginecha ya mwamuna wake. Analikokera pafupi ndi chala chimodzi.

"Analemba yekha apa?"

"Eya, mayi. Ine ndilipo."

"Anati chiyani?"

Ndinamuuza kuti anati tichotse kangongole, zotsalazo tizisunge. Ndinamuuzanso kuti ndinamufunsa ngati akufuna ndalama, ndipo anakana.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka analankhula, osayang'ana aliyense wa ife, m'Chichewa chake cha kuno.

"Kutatsala masiku awiri, kuchipatala, anandiuza kuti, maliro akatha, anthu akabalalika, ukapite ku sitolo ija ya malata. Mpweya unali utamuchepera, sanamalize. Ine ndinati ndidzapita. Ndisanapite, uthenga wanu wafika. Ndinati, ohoo, ndiye zimene ankafuna kundiuza n'zimenezi. Wandisiyira ngongole, wandisiya ndiime pamaso pa abale ake kunena kuti alibe ngongole, andione wabodza." Anasisita pepala lija ndi chala. "Sabata zitatu, mama. Chithunzi chake ndinachichotsa pakhoma. Ana akamutchula ndimawakalipira. Usiku ndimamutukwana mumtima, munthu amene anadziwa kuti akupita, n'kuchotsa malata panyumba yake kuti ine ndidzapeze poyambira."

Mlamu wake anayang'ana pansi. Abwana anavula magalasi.

Ndinati, "Pepani, mayi. Ndinalakwa ndine." Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri.

Sanandiuze kuti palibe kanthu, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anandiyang'ana koyamba chilowereni, popanda mkwiyo, ngati akufunsa munthu wodziwa zinthu, poti ine ndinali wa mapepala.

"Inu mwandipepesa, ndamva," anatero. "Nanga ine ndikamupepesa bwanji?"

Anapempha ngati angatenge pepala la siginechalo. Linali la m'faelo ya sitolo, loyenera kutsala, ndipo ndinayamba kunena kuti ndimujambulira lina. Abwana anati ndijambule lina loti litsale m'faelo, lenilenilo ndimupatse.